Masikoti wa pulomputi: kumupanga, ndi kumusunga kuti nkhope ndi chovala zisamasinthe

Funso lake limabwera mofanana nthawi zonse. Munthu wapanga kachidole kokongola koimira bizinesi yake, wakakonda, koma atapempha kompyuta kuti kachidole komweko kanyamule botolo kapena kakweze dzanja, chatuluka ndi china: maso akula, epuloni yasintha mtundu, thumba lasowa. Ndayankha anthu ambiri mmodzimmodzi, tsono ndalemba zonse pano kuti wofunsa wina ndizingomulozera.

Tiyambe tamvana pa mawu awiri. Masikoti ndi chidole chojambula, kaya ndi nyama kaya ndi munthu, chimene chimaimira malonda anu pa lebulo, pa chikwangwani ndi pa zotsatsa. Pulomputi ndi mawu amene mumalembera pulogalamu yojambula zithunzi pouza chimene mukufuna. Mapulomputi ndawalemba m'Chingerezi chifukwa mapulogalamuwa amamva bwino chinenero chimenecho, ndipo malamulo achidule amene nditchule ndi a pulogalamu yotchedwa Midjourney, ngakhale njira yake imagwiranso ntchito kwina.

Chinthu chimodzi muchimvetse musanayambe. Pulogalamuyi sikumbukira chidole chanu. Nthawi iliyonse mukadina, imajambula kuyambira pachiyambi, ndipo chilichonse chimene simunachitchule kapena kuchionetsa imachisankha yokha. Zili ngati kupita kwa telala wina tsiku lililonse n'kumufotokozera pakamwa yunifolomu ya kwaya. Aliyense adzasoka yabwino, koma mukaima pamzere kutchalitchi simudzafanana. Amene amafuna zofanana amanyamula diresi limodzi losokasoka, n'kuuza telala kuti atengere pamenepo. Ntchito yonse ili m'munsimu ndi yopanga diresi lachitsanzo limenelo ndi kuliteteza.

Chitsanzo chathu chikhala kalulu woimira chiponde chogulitsa m'mabotolo.

1. Lembani chidole papepala musanatsegule pulogalamu

Sankhani zizindikiro zisanu kapena zisanu ndi chimodzi zimene munthu angaziwerenge ndi chala. Za kalulu wathu ndi izi: ubweya wa bulauni wowala wokhala ndi kukamwa ndi mimba zoyererako, maso akuda ozungulira, mano awiri apatsogolo, khutu lakumanzere lopindika kunsonga, epuloni yachikasu ya thumba limodzi, ndi mpango wofiira m'khosi. Basi.

Mawu ngati "wokongola", "wansangala" kapena "wochenjera" sathandiza pano, chifukwa simungawayeze. Simungaike zithunzi ziwiri pamodzi n'kunena kuti ichi chalakwa chifukwa si chochenjera mokwanira. Koma mungathe kunena kuti apa thumba ndi limodzi, apo ndi awiri.

Pali cholakwa chimene pafupifupi aliyense wakwathu amachita, ndipo ndimachimvetsa: kufuna kuveka chidole chitenje. Chitenje ndi chathu, chimaoneka bwino, ndipo chimauza wogula nthawi yomweyo kuti katunduyu ndi wakuno. Vuto ndi lakuti maluwa a chitenje ndiwo chinthu chovuta kwambiri kuchibwereza. Pachithunzi choyamba mudzaona masamba, pachiwiri mizere yokhotakhota, pachitatu madontho, ndipo mitundu idzasinthana malo. Ngati simungachite popanda chitenje, chichepetseni mpaka chifotokozeke m'mawu ochepa, monga mpango wofiira wa madontho oyera akuluakulu. Njira ina ndi kusiya nsaluyo yopanda maluwa pojambula, n'kudzaika maluwa anu pamanja pamapeto. Chimodzimodzinso logo ndi dzina la bizinesi: musazilembe mu pulomputi. Siyani chifuwa cha epuloni chopanda kanthu, logo mudzaimata nokha, apo ayi zilembo zidzapindika mosiyana pa chithunzi chilichonse.

2. Gawani pulomputi pawiri

Gawo loyamba ndi losasintha. Limafotokoza chidole ndi kajambulidwe kake, ndipo mumalisunga mu fayilo kuti muzilikopera, osati kulilembanso pamtima.

```
cartoon hare mascot, light brown fur, cream muzzle and belly,
round black eyes, two front teeth, left ear folded at the tip,
plain yellow apron with one square pocket, red neck scarf,
thick dark outline, flat colours
```

Gawo lachiwiri ndi losintha: kaimidwe, chimene wanyamula, mbali imene akuonekera. Limeneli mumaliika kumapeto.

Musasinthe ngakhale liwu limodzi m'gawo loyamba. Lero mukalemba `hare` mawa `rabbit`, mwapempha nyama ziwiri zosiyana, ina ya miyendo ndi makutu aatali, ina yonenepa yozungulira. Mawu akuti `flat colours` ndi `thick dark outline` ali pamenepo ndi cholinga. Chidole cha mitundu yosalala ndi mzere wokhuthala chili ndi malo ochepa olakwikira kusiyana ndi chooneka ngati chenicheni cha ubweya umodziumodzi, ndiponso chimasindikizika bwino pa sitika yaing'ono.

3. Pezani chithunzi chimodzi chachitsanzo

Onjezerani izi kumapeto kwa gawo losasintha. `--ar 2:3` imapangitsa chithunzi kukhala chachitali kuposa m'lifupi, ndipo `--v 7` imasankha mtundu wa 7 wa Midjourney:

```
standing, front view, full body, arms at sides,
plain white background --ar 2:3 --v 7
```

Apa ndi pamene muyenera kuononga nthawi posankha. Jambulitsani kambirimbiri mpaka mupeze chimodzi chimene chili ndi zizindikiro zonse zisanu ndi chimodzi bwinobwino. Musasankhe chokongola kuposa zonse. Sankhani choonekera bwino kuposa zonse. Chidole chiime chilili, chiyang'ane kutsogolo, thupi lonse lioneke mpaka kumapazi, manja akhale m'mbali osabisa epuloni, ndipo chisanyamule kanthu. Chifukwa chake n'chakuti pulogalamu imatha kutenga chilichonse chimene chili pachitsanzo ngati mbali ya chidolecho. Kalulu wachitsanzo akanyamula botolo, botololo lidzakutsatirani ngakhale pamene mukufuna kuti aziomba m'manja. Mapazi akadulidwa, pulogalamu idzasankha yokha, lero nsapato mawa mapazi.

Mukachipeza, chikulitseni pa sikirini n'kuchiyang'ana ngati mukugula mbuzi. Werengani zala. Onani zingwe za epuloni ngati zonse zikufika paphewa. Cholakwa chaching'ono chimene mwachilekerera pano chidzabadwanso m'zithunzi zonse zotsatira. Chikonzeni tsopano, kenako sungani fayiloyo mu foda yakeyake ndi dzina losasokoneza.

4. Lumikizani chitsanzo ku chithunzi chilichonse chatsopano

Mawu okha sakwanira kusunga nkhope. Pamafunika kupatsa pulogalamu chithunzi chachitsanzo chija nthawi iliyonse. Mu Midjourney, mtundu wa 6 unabwera ndi lamulo la `--cref` m'chaka cha 2024, limodzi ndi `--cw` imene imayambira pa 0 kufika pa 100. Pa 100 imayesa kusunga nkhope, tsitsi ndi zovala. Pa 0 imasamala nkhope yokha, zovala n'kumasuka. Kwa masikoti wa yunifolomu imodzi, siyani pa 100. Mtundu wa 7, wa m'chaka cha 2025, umagwiritsa ntchito `--oref`, ndipo kulemera kwake kumaikidwa ndi `--ow`, imene imafika mpaka 1000 koma imakhala pa 100 mukapanda kuisintha.

```
[gawo losasintha], waving with right hand, full body,
plain white background --oref URL --ow 100 --v 7
```

Pamene palembedwa `URL` mpamene mumaika adiresi ya chithunzi chanu chachitsanzo. Gawo losasintha lija musalichotse poganiza kuti chithunzi chakwanira. Mawu ndi chithunzi zimathandizana.

Kudziwa ngati nambala ya `--ow` ili bwino n'kosavuta. Kalulu akamasintha nkhope kapena mpango ukamasowa, ikwezeni pang'onopang'ono, mwina kufika 200 kenako 300. Akamakana kusuntha, mwamuuza kuti athamange iye n'kungoima njo ngati pachitsanzo, ndiye kuti mwakweza kwambiri, itsitseni. Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, apo ayi simudzadziwa chimene chathandiza.

Ambiri amamva za `--seed` n'kuganiza kuti ndiyo mankhwala. Nambala imeneyo imangokhazikitsa poyambira pa chithunzi. Pulomputi yomweyo ndi nambala yomweyo zimabweretsa zithunzi zofanana kwambiri, koma mukangosintha kaimidwe, chithunzi chonse chimasintha. Ndi yothandiza poyesa liwu limodzi, osati posunga nkhope.

5. Kutembenuza chidole ndi kuchipatsa ntchito

Malangizo ambiri amathera pa gawo lachinayi, ngati kuti ukapereka chitsanzo zonse zatha. Kukweza dzanja kumayendadi bwino, chifukwa kalulu akuyang'anabe kutsogolo monga pachitsanzo. Mavuto enieni amayamba pamene atembenuka.

Ganizirani zimene chitsanzo chanu sichionetsa. Kumbuyo kwa epuloni kuli chiyani? Zingwe zimapingasa pamsana, kapena chimodzi chimazungulira khosi? Mfundo ya mpango ili kutsogolo kapena m'mbali? Mchira ndi woyera kapena wa bulauni? Pulogalamu sinaonepo zimenezi, choncho idzapeka, ndipo idzapeka mosiyana nthawi iliyonse. Mafunsowa muwayankhe inuyo, kamodzi, n'kulemba mayankho mu fayilo ija. Kwa kalulu wathu tinene kuti chingwe chimodzi chazungulira khosi, china chamangidwa m'chiuno kumbuyo, ndipo mchira ndi woyererako ngati mimba. Mawu owonjezerawa muziwaika pokhapokha kalulu akamaonekera chammbali kapena chakumbuyo.

Kenako pangani zitsanzo zina zitatu: choonekera mopendekera pang'ono, choonekera chammbali, ndi choonekera chakumbuyo. Yambani ndi chopendekera pang'ono chifukwa chili pafupi ndi choyamba. Chilichonse chikonzedwe mpaka chigwirizane ndi choyamba, n'kusungidwa mu foda yomwe ija. Tsopano muli ndi zitsanzo zinayi, ndipo pa kaimidwe kalikonse mumapereka chimene chili pafupi nako. Kalulu wothamanga amafuna chitsanzo cha chammbali. Wonyamula botolo pamaso pa wogula amafuna choyamba chija.

Khutu lopindika ndilo lidzakuvutitsani kwambiri, komabe ndimalilimbikitsa, chifukwa ndilo limapangitsa kuti kalulu wanu asakhale kalulu wina aliyense. Mapulogalamuwa amasokoneza kumanja ndi kumanzere kawirikawiri, ndipo ifenso timasokoneza. Khutu lakumanzere la kalulu, iye akamakuyang'anani, limaoneka kudzanja lanu lamanja. Akakufulatirani, limaoneka kudzanja lanu lamanzere. Lembani chiganizo chimenechi pamwamba pa fayilo yanu. Ndipo musalole aliyense kutembenuza chithunzi ngati pagalasi pofuna kuti kalulu ayang'ane mbali ina ya chikwangwani, chifukwa khutu limasamuka, mfundo ya mpango imasamuka, ndipo ngati logo yamatidwa kale zilembo zimawerengeka chobwerera. Pakafunika kalulu woyang'ana kumanja ndi woyang'ana kumanzere, pangani zithunzi ziwiri.

Tiyeni tione kaimidwe kamodzi kovuta kuyambira poyamba mpaka pomaliza: kalulu akusinja mtedza mu mtondo. Mukangolemba `mortar and pestle`, kawirikawiri mudzalandira kambale kakang'ono ka patebulo ndi kamunsi kogwira ndi dzanja limodzi. Mtondo wathu muyenera kuufotokoza.

```
[gawo losasintha], three-quarter view, pounding groundnuts
in a tall wooden mortar standing on the ground, long wooden
pestle held upright with both hands --oref URL --ow 100 --v 7
```

Perekani chitsanzo chopendekera pang'ono. Pa zithunzi zimene zituluke, musayembekezere chimodzi chabwino paliponse. Yang'anani choyamba zinthu zovuta kukonza: kaimidwe ka thupi, kukula kwa mutu poyerekeza ndi thupi, ndi nkhope. Tinene kuti mwapeza chimodzi chimene zitatuzi zili bwino, koma thumba lasowa chifukwa mtondo wabisa theka la epuloni, khutu lopindika lapita mbali yolakwika, ndipo dzanja limodzi lalowerera mu munsi wosinjirawo ngati ndi mtengo umodzi.

Apa ndi pamene ambiri amataya ntchito yabwino. Amadinanso kuti zonse zijambulidwe mwatsopano, nkhope yabwino ija n'kupita, ndipo chotsatira chimabwera ndi zolakwa zake zatsopano. Musatero. Tsegulani chithunzicho mu edita, mmene mumatha kufufuta kachigawo kamodzi kuti pulogalamu ijambule pokhapo. Fufutani makutu onse awiri pamodzi, osati limodzi, chifukwa mukufuna lina liwongoke lina lipindike. Lembani mawu okhudza makutu okha, mogwirizana ndi mmene inu mukuonera pa sikirini. Mukakhutira, pitani pa dzanja: fufutani dzanjalo ndi kachigawo ka munsi kamene lagwira, pakuti mukafufuta dzanja lokha pulogalamu ilibe malo okonzera kagwiridwe. Thumba lisiyeni komaliza, ndipo dzifunseni kaye ngati liyenera kuoneka. Ngati mtondo ukubisadi pamene thumba limakhala, kusaoneka kwake si cholakwa. Cholakwa ndi thumba losamukira pachifuwa kuti lioneke.

Nthawi zina makutu amakana ndithu. Mukayesa kasanu osatheka, lekani. Dulani khutu pa chitsanzo chanu, liikeni pamalo pake mu pulogalamu yokonzera zithunzi ngati GIMP kapena Photopea, n'kulumikiza mzere wakuda pamanja. Pa chidole cha mitundu yosalala, imeneyi ndi ntchito ya mphindi zochepa, ndipo ndi chifukwa china chimene tinasankhira kajambulidwe kameneka pachiyambi.

Chenjezo lalikulu pa gawo lino ndi ili: musatenge chithunzi chatsopano n'kuchisandutsa chitsanzo cha chotsatira. Zimakopa, chifukwa chatsopanocho chili pafupi ndipo chikuoneka bwino. Koma chilichonse chimasiyana pang'ono ndi chimene chinachibala. Ndinaziona pa ntchito ina ya zithunzi khumi ndi ziwiri imene inachitidwa motero: palibe chithunzi chimene chinasiyana moonekera ndi choyandikana nacho, koma choyamba ndi chomaliza zitaikidwa pamodzi, mphuno inali itatalika, maso atayandikana, chidole chikuoneka chachikulire. Ndi zimene zimachitika ndi fotokope ya fotokope. Bwererani ku zitsanzo zinayi zija nthawi zonse.

6. Yezani, musadalire diso lokha

Diso limazolowera. Mukayang'ana kalulu mmodzi kwa maola atatu, onse amaoneka ofanana. Choncho ikani chithunzi chatsopano pambali pa chitsanzo, muzilinganize kutalika, n'kudutsa pa zizindikiro zisanu ndi chimodzi zija chimodzichimodzi. Onjezerani muyeso umodzi: thupi lonse, osawerengera makutu, ndi mitu ingati? Ngati pachitsanzo ndi mitu itatu, pachithunzi chatsopano isakhale inayi. Kusintha kwa muyeso umenewu ndiko kumapangitsa chidole kuoneka ngati chakula msinkhu ngakhale nkhope ili yomweyo.

Mitundu nayo imasuntha mwakachetechete. Chikasu cha epuloni chimatha kupendekera ku olenji pachithunzi china, kwina n'kuwala ngati ndimu. Tengani nambala ya mtundu uliwonse pachitsanzo ndi kachipangizo kotolera mtundu, monga `#F2B705` ya epuloni ndi `#C1272D` ya mpango, n'kuzilemba mu fayilo. Kuika manambalawa mu pulomputi sikutsimikizira kanthu. Ntchito yake ndi yokonzera pamapeto, pamene mukudzaza mtundu wolondola pa chithunzi chilichonse.

Pomaliza chepetsani chithunzi kufika kukula kumene chidzasindikizidwe, mwina masentimita atatu pa chivindikiro cha botolo, n'kuonetsa munthu amene sanakhale nanu pa ntchitoyi. Mufunseni ngati ndi kalulu mmodzi kapena angapo.

7. Zithunzi zikachuluka

Ngati mukufuna zithunzi khumi kapena khumi ndi zisanu, njira ili pamwambayi ikukwanirani. Ngati bizinesi idzafuna zatsopano sabata iliyonse, ganizirani zophunzitsa LoRA, kafayilo kamene kamawonjezeredwa pa mapulogalamu ngati Stable Diffusion kuti adziwe chidole chimodzi. Zithunzi zopanda zolakwa pakati pa 15 ndi 30, zoonekera mbali zosiyanasiyana, zimakhala poyambira pabwino, ndipo ndi zomwe zija mwakonza kale. Polemba mawu ofotokoza chithunzi chilichonse, tchulani zimene zimasintha, monga kaimidwe ndi chimene wanyamula, koma zimene sizisintha muzisiyire liwu limodzi lapadera loimira chidolecho. Musaikemo chithunzi cha khutu lolakwika ngakhale chimodzi, chifukwa chidzaphunziridwa ngati choona. Kumeneko kulinso ControlNet, imene imakulolani kupereka kaimidwe ngati chojambula m'malo mokafotokoza ndi mawu.

8. Musanapite kosindikiza

Chithunzi chochokera mu pulogalamu ndi cha timadontho, ndipo chikakulitsidwa kufika pa chikwangwani chimaphwanyika. Chisandutseni cha mizere yosaphwanyika, chimene osindikiza amachitcha vekita. Inkscape ndi yaulere ndipo ili ndi `Trace Bitmap`, koma pa zitsanzo zinayi zija ndi bwino kulipira wojambula kuti azijambulenso pamanja. Iye adzawongola mizere, adzaika logo ndi maluwa a nsalu mogwirizana ndi kupindika kwa epuloni, ndipo mudzakhala ndi kalulu amene ziwalo zake zingasunthidwe popanda kubwerera ku pulomputi.

Pali chifukwa chinanso. Mu Januwale 2025, ofesi yoona za umwini wa zolemba ndi zojambula ku Amereka inanena kuti kulemba pulomputi pakokha sikupatsa munthu umwini wa chithunzi chotulukacho, koma ntchito imene munthu waikapo ndi manja ake ingatetezedwe. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, choncho funsani ku ofesi yolembetsa zizindikiro za malonda kwanuko za kulembetsa masikoti wanu, ndipo sungani mafayilo oonetsa zimene munthu anajambula. Musatchule dzina la katuni yodziwika mu pulomputi pofuna kuti wanu afanane nayo. Kalulu wa makatuni ali ndi eni ake kale, ndipo kufanana naye kungakugwetsereni m'milandu.

Kwa wosindikiza perekani foda imodzi yokhala ndi zitsanzo zinayi, manambala a mitundu, ndi chiganizo chija cha khutu. Mupempheni asindikize sitika imodzi yoyesera musanalamule zambiri, chifukwa chikasu ndi chofiira za pa sikirini zimasintha zikasanduka inki. Imateni pa botolo lodzaza chiponde, osati lopanda kanthu: bulauni wa kalulu ndi bulauni wa chiponde akayandikana kwambiri, muuzeni aike mzere woyera kuzungulira chidole chonse.